Akuti webusaiti yatha, ndimalize kulipira. Ine ndikuona kuti sinathe. Nditani?

Namzeze
Anzanga, ndithandizeni nzeru. Ndimachititsa maphunziro afupiafupi, ndiye ndinalemba ganyu mnyamata wina wodziyimira payekha kuti andipangire webusaiti yoti anthu azilembetsa ndi kulipira pomwepo. Kontrakiti yathu ndi ya tsamba limodzi. Imati ndilipire 40 peresenti poyamba, 30 peresenti akandionetsa maonekedwe ake, ndipo 30 yotsalayo "webusaiti ikatha". Tinagwirizana masabata 8, pano tili sabata ya 14. Dzulo wanditumizira invoisi yomaliza, akuti ntchito yatha, ndipo mapasiwedi onse andipatsa ndikalipira. Koma ine ndalemba zinthu 23 zomwe sizili bwino. Iye akuti zambiri mwa izo ndi ntchito yatsopano, ndiwonjezere ndalama. Ndilipire kapena ndikane?

Mphenzi
Osapereka ngakhale kakang'ono, achemwali. Wachedwa ndi masabata 6, ndiye azikulamulani ndi iyeyo? Muuzeni akonze zonse 23, akakana mupeze wina.

Kadzidzi
Mphenzi, wina ameneyo akayambira pati? Mayiwa apereka kale 70 peresenti koma m'manja mwawo mulibe kanthu. Akakwiyitsana lero, mnyamatayo atsala ndi ndalama ndi ntchito yomwe. Mayi Namzeze, tisanapite patali, tiyankheni mafunso atatu. Domeni, dzina lomwe anthu amalemba kuti afike pa webusaiti yanu, inagulidwa pa akaunti ya ndani? Seva, kompyuta yomwe ikusunga webusaitiyo pano, ndi ya ndani? Nanga zinthu 23 zija, tiuzeniko zisanu zomwe zikukusowetsani tulo.

Namzeze
Domeni anagula ndi iyeyo sabata yoyamba, ndalama ndinamubwezera. Seva ndi yakenso. Zisanuzo ndi izi. Munthu akalipira, imelo yomutsimikizira sifika. Pa iPhone batani lolipirira limabisika pansi, sungalidine. Kalasi ya anthu 20 ikulolabe munthu wa 21 kulembetsa. Palibe polembapo nambala yochotsera mtengo. Komanso ndimafuna ikhale m'zilankhulo ziwiri. Kuoneka kokha ndiye ndi yokongola, zimenezo sindingamunamizire.

Mphenzi
Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Gologolo77
Ine ntchito yanga ndi yomweyi, ndiye mundilole ndiyankhuleko mbali ya mnzangayo, ngakhale sindimudziwa. Mayi, zithunzi ndi mawu oti alowe pa webusaiti munamupatsa liti? Ndipo za zilankhulo ziwiri ndi zochotsera mtengozo, zili m'kontrakiti?

Namzeze
Mawu ndi zithunzi ndinachedwa nazo masabata atatu, ndivomere. Za zilankhulo tinakambirana pa foni, iye anati "n'zotheka". M'kontrakiti mulibe.

Gologolo77
Mwaona, a Mphenzi? Pa masabata 6 aja, atatu ndi a mayiwa. Ndipo ife tikati "n'zotheka" timatanthauza kuti n'zotheka basi, sikuti tavomera kuchita pa mtengo womwewo. Chilankhulo chachiwiri si kabatani kongowonjezera ayi. Tsamba lililonse, imelo iliyonse yopita kwa kasitomala, uthenga uliwonse wotuluka munthu akalakwitsa polemba, zonsezo zimafunika kawiri, kenako uziyesenso kawiri. Chomwe chimatiwawa ife ndi kasitomala amene mndandanda wake sutha. Ukonza 23, mawa abwera ndi 11 zina, ndalama yako yomaliza ili chigwirire. N'chifukwa chake ambirife timakakamira mapasiwedi. Sindikuti ndi khalidwe labwino, koma ndi chokhacho chomwe timatsala nacho m'manja.

Kadzidzi
Gologolo wanena zoona, ndipo apa ndi pomwe pagona nkhani. Vuto si mnyamatayo kapena mayiwa, vuto ndi mawu akuti "ikatha". Kwa iye kutha ndi kuti masamba onse alipo ndipo akutseguka. Kwa inu, mayi, kutha ndi kuti zonse zomwe zinali m'mutu mwanu zaoneka. Nonse mukhoza kulumbira kuti mukunena zoona, chifukwa pepala lanulo silinanene kuti kutha tidzakuzindikira bwanji.

Ndayang'anirapo ntchito zotere kangapo, ndipo ndikanakhala inu ndikanachita izi. Musayankhe invoisiyo ndi inde kapena ayi. Tengani zinthu 23 zija muzigawe milu itatu. Mulu woyamba ndi zomwe zikulepheretsa webusaiti kugwira ntchito yomwe munaigulira, yoti munthu alembetse ndi kulipira. Batani lobisika pa iPhone lili m'menemu, imelo yosafika ilinso m'menemu. Mulu wachiwiri ndi zolakwika zenizeni koma zosaletsa munthu kulipira: chilembo cholakwika, chithunzi chopendekeka, mtundu wosiyana ndi womwe munavomereza. Mulu wachitatu ndi zomwe simunalembe m'kontrakiti, monga zilankhulo ziwiri ndi zochotsera mtengo. Dzichitireni chilungamo pogawa, chifukwa mukalowetsa za mulu wachitatu mu woyamba, iye adzakana mndandanda wonse ndipo adzakhala ndi chifukwa.

Mukatero, mulembe pepala limodzi lowonjezera pa kontrakiti, nonse musaine. Linene kuti gawo lalikulu la malipiro otsalawo likudikira mulu woyamba wokha. Wachiwiri akonze pasanathe masiku 30 webusaiti itatsegulidwa. Wachitatu akupatseni mtengo wake ndi nthawi yake padera, chinthu chilichonse pachokha, ndipo musankhe nokha choti achite. Mnyamatayo adzapuma, chifukwa kwa nthawi yoyamba adzaona pomwe ntchito ikuthera.

Nkhwazi_ya_kunyanja
Koma bwanji osangopanga nokha? Masiku ano pali Wix, pali Squarespace, umangokoka zithunzi n'kuika. Mlongo wanga anapanga yake tsiku limodzi Loweruka.

Namzeze
Zikomo, koma 70 peresenti inapita kale. Funso langa ndi la 30 yotsalayi.

Chiphaliwali
Ine ndikuti musiye kaye zonsezo, muthamangire domeni. Zinandionekera. Amene anandipangira yanga anagula domeni m'dzina lake, tinasiyana bwinobwino, palibe mkangano. Patatha chaka webusaiti inangozima, maimelo onse a ntchito anasiya kulowa. Uthenga wokumbutsa kulipira chaka china unkapita ku imelo yake, iye anali atasiya kale ntchitoyi, foni sayankha. Ndinataya masiku 9 ndikumusaka kudzera mwa abale ake. Mwayi ndinamupeza nthawi yowombolera isanathe, koma ndinalipira chindapusa choposa mtengo wa domeniyo kangapo. Khodi munthu wina akhoza kulembanso, koma dzina lomwe lili pa zikalata zanu zonse likapita lapita.

Kadzidzi
Chiphaliwali akunena zoona, ndipo domeni isalowe n'komwe m'zokambirana za 30 peresenti, chifukwa ndalama yake munabweza kale. Ndi yanu lero. Tsegulani akaunti yanuyanu ku kampani yomwe anagulako, ndi imelo yanu, mumupemphe aisamutsire m'menemo. Kusamutsa pakati pa maakaunti a kampani imodzi nthawi zambiri sikuchedwa. Mukafuna kupita nayo ku kampani ina, akupatseni nambala yachinsinsi yosamutsira, pa sikirini imalembedwa kuti `EPP code` kapena `Auth code`. Malamulo a ICANN, bungwe loyang'anira madomeni, pa madomeni ngati .com amaletsa kusamutsira ku kampani ina m'masiku 60 oyamba chigulireni, koma inu masabata 14 mwadutsa kale pamenepo. Chenjezo limodzi: kusintha dzina la mwini kukhoza kuyambitsanso loko wina wa masiku 60, ndiye ngati mukufuna kusamuka kampani, yambani kusamuka, dzina musinthe pambuyo. Ndipo musadalire `whois`, njira yofufuzira za domeni pa intaneti, kuti ikuuzeni mwini, chifukwa kuyambira 2018 mayina ambiri amabisidwa. Umboni ndi kulowa nokha mu akaunti n'kuiona domeniyo ili m'menemo.

Mlembi_wakale
Sindikumvetsa chomwe mukuvutikira. Wolipira ndiye mwini. Mayiwa alipira 70 peresenti, ndiye kuti 70 peresenti ya khodiyo ndi yawo kale, akhoza kukaitenga ndi lamulo.

Kadzidzi
Akulu, pamenepo samalani. M'mayiko ambiri, munthu wodziyimira payekha akalemba khodi, umwini wake umakhala kwa iye mpaka ataupereka molemba. Kulipira kokha nthawi zambiri kumakupatsani ufulu wogwiritsa ntchito, osati umwini. Wantchito wolembedwa pa kampani ndi nkhani ina. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, koma njira yosavuta ndi kuika chiganizo chimodzi m'pepala lija: umwini wa zonse zomwe walemba pa ntchitoyi ukusamukira kwa mayiwa tsiku lomwe alandira malipiro omaliza. Palibe katswiri woona mtima amene amakana chiganizo chimenecho.

Mlembi_wakale
Chabwino, koma ndikadali pomwepo kuti woweruza sangamulole kusunga zonse atadya 70.

Gologolo77
Mwina sangamulole, koma pofika kwa woweruzayo makalasi angati adzakhala atadutsa? Ndiwonjezepo pa za umwinizo. Ngati webusaitiyo ili pa WordPress, pulogalamu yomangira mawebusaiti, WordPress yeniyeniyo si ya mnyamatayo kuti akupatseni, ili pansi pa laisensi ya GPL, ndi ya aliyense. Chomwe muyenera kufunsa ndi mapulagini ogula, timapulogalamu towonjezera pa WordPress. Ambirife timagula laisensi imodzi yogwiritsa ntchito pa makasitomala ambiri. Tikasiyana, pulagini yanu yolembetsera anthu imasiya kulandira zokonza zatsopano, ndipo inu simudziwa mpaka tsiku lomwe yathyoka. Alembe mndandanda wa mapulagini onse ogula, laisensi ili m'dzina la ndani, ikutha liti.

Namzeze
Ndi WordPress yomweyo. Ndagawa milu ija usiku. Woyamba muli 4, wachiwiri 12, wachitatu 7. Ndachita manyazi pang'ono ndi 7 zimenezi. Tsopano a Kadzidzi, m'pepalamo ndilembe bwanji? Ndingoti "akonze zolipirira"?

Kadzidzi
Ayi, mukatero mwabwereranso ku "ikatha". Chilichonse cha zinayizo chilembedwe ngati mayeso oti munthu wachitatu, wosadziwa mkangano wanu, akhoza kuchita yekha n'kunena kuti zatheka kapena zakanika. Pakhale chomwe munthu akuchita, pa chipangizo chanji, ndi chomwe chiyenera kuoneka. Mwachitsanzo: "Pa iPhone ndi Safari, pa foni ya Android ndi Chrome, komanso pa kompyuta ndi Chrome, munthu asankha kalasi, alemba dzina ndi imelo, alipira ndi khadi, aona tsamba lomuuza kuti zatheka, ndipo dzina lake lioneka pa mndandanda wa kalasiyo kumbali ya woyang'anira." Lachiwiri: "Khadi ikakanidwa, munthu aona uthenga womuuza, ndipo dzina lake silioneka pa mndandanda." Mayeso achiwiriwa anthu amawaiwala, koma ndi amene amagwira zoopsa. Ndinaonapo webusaiti yomwe inkalembetsa munthu ngakhale ndalama isanalowe, ndipo mwini wake anazindikira pa tsiku la kalasi.

Simufunika kuwononga ndalama poyesa. Makampani olandirira malipiro amakhala ndi njira yoyeserera. Ngati ndi Stripe, khadi yoyesera ndi `4242 4242 4242 4242`, tsiku lotha lililonse lam'tsogolo, ndipo ali ndi manambala enanso oti khadi ikanidwe dala. Koma tsiku lotsegula mulipire kamodzi ndi khadi yeniyeni, muone ndalama yalowa mu akaunti yanu ya malipiro, kenako mudzibwezere. Akaunti imeneyonso ikhale m'dzina lanu, osati lake.

Pa ndalama, 30 yotsalayo ndingaiphwanye patatu. 15 mayeso anayi akadutsa pa seva yake yoyeserera. 10 tsiku lomwe webusaiti yasamukira pa seva ya akaunti yanu, yatseguka pa domeni yanu, ndipo mwalowa nokha ngati woyang'anira wamkulu. 5 yomaliza pakatha masiku 30, mulu wachiwiri utakonzedwa. Motero palibe amene akudumpha dzenje lalikulu yekha. Iye sapereka makiyi asanaone ndalama, inu simupereka zonse musanaone makiyi.

Gologolo77
Ndikugwirizana nazo, koma pakusowa mbali yanga. Mayiwanso akhale ndi nthawi yowamanga. Ine ndimalemba kuti ndikanena kuti gawo lakonzeka, kasitomala ali ndi masiku 5 ogwira ntchito oti ayese ndi kundiyankha molemba, mndandanda umodzi, osati mauthenga 30 obwera usiku. Akapanda kuyankha, gawolo latengedwa kuti lavomerezedwa, invoisi ituluke. Ndipo kubwereza kukonza ndi kawiri, osapitirira.

Mphenzi
Eee, ndiye munthu akadwala sabata imodzi wavomereza zinthu zosagwira ntchito? Umenewo ndi msampha.

Gologolo77
Nanga ine ndikadikira miyezi iwiri munthu ali chete, ana anga adya kudikirako? Si nzeru zanga zokha izi. Pa Upwork, webusaiti yopezerapo maganyu, ntchito ya mtengo wokhazikika ikaperekedwa, kasitomala akakhala chete masiku 14 ndalama yosungidwayo imapita yokha kwa wogwira ntchito.

Kadzidzi
Chiganizo chimenecho ine ndimachivomera, koma ndi zinthu ziwiri. Masiku ayambe kuwerengedwa pomwe imelo yonena kuti zakonzeka yafika ndipo seva yoyeserera ikutsegukadi, ndipo pakhale chikumbutso chimodzi nthawi isanathe. Komanso kuvomereza mwa kukhala chete kusafafanize udindo wake wokonza zolakwika m'masiku 30 aja. Za kubwereza kawirizo ndiye ndikusiyana nanu, a Gologolo. Malire amenewo ndi oyenera pa maonekedwe, pomwe kasitomala akhoza kusinthasintha maganizo mpaka kalekale. Koma batani losadinika likonzedwe mpaka lidinike, kaya ndi kachisanu.

Gologolo77
Pa batani sinditsutsa. Koma imelo ija musaiike m'mayeso a pa seva yoyeserera, mumupweteka mnyamatayo pachabe. Nthawi zambiri imelo yotere imatuluka ndithu, koma imakanidwa kapena kugwera ku sipamu chifukwa domeni sinauzidwe kuti seva imeneyi ili ndi chilolezo chotumiza m'dzina lake. Zimakonzedwa polemba zilolezo zotchedwa `SPF` ndi `DKIM` mu `DNS`, kaundula wa domeniyo. Kuyambira February 2024 Gmail inakhwimitsa, imafuna kuti wotumiza aliyense akhale ndi chimodzi mwa ziwirizi. Ndiye mayeso a imelo apite ku gawo la 10 peresenti, webusaiti ili pa domeni yeniyeni, ndipo alembedwe kuti imelo ifike m'bokosi lenileni la Gmail ndi la Outlook pasanathe mphindi 5, osati ku sipamu.

Kadzidzi
Mwandikonza bwino pamenepo. Mayeso atatu ku 15, la imelo ku 10.

Chiphaliwali
Tsiku losamukalo muonenso kabokosi kena mu WordPress, pa `Settings` kenako `Reading`, kolembedwa `Discourage search engines from indexing this site`. Pomanga amakachonga dala, ndiye ambiri amaiwala kukachotsa. Yanga inakhala miyezi iwiri osaoneka pa Google, ine n'kumaganiza kuti ndi mmene zimakhalira.

Nkhwazi_ya_kunyanja
Za Google zomwezo, pali amene akudziwa chifukwa chomwe webusaiti ya mlongo wanga ikutuluka tsamba lachitatu?

Mphenzi
Yambitsani nkhani yanu, akulu, tili pa mlandu wa mayiwa kuno.

Namzeze
Ndabwerako. Tinakhala pansi maola awiri. Domeni wasamutsa pomwepo ine ndikuona, sanavute n'komwe, akuti ankangoona ngati akundithandiza. Milu itatu waivomera, ndipo ataona kuti 7 zija ndazichotsa ndekha nkhope inasintha. Masiku 5 oyankhira ndavomera, ndi chikumbutso. Pavuta pawiri. Choyamba, 5 peresenti yodikira masiku 30 akuikana, akuti anadyeredwapo kawiri ndi njira imeneyi, akufuna 15 ndi 15. Chachiwiri, za munthu wa 21 uja akuti ndi ntchito yatsopano, chifukwa m'kontrakiti mulibe mawu oti kalasi ili ndi malire. Ine ndinaika mu mulu woyamba.

Mphenzi
Kalasi yopanda malire inaoneka kuti? Akuchenjeretsani ameneyo.

Gologolo77
Zitengera chomwe chinalembedwa. Ngati pa maonekedwe omwe munavomereza, aja munalipirira 30 yachiwiri, pali mawu ngati "malo otsala: 6", ndiye kuti malire analowa m'ntchito ndipo ndi cholakwika chake. Ngati palibe paliponse, ali ndi mfundo, ngakhale ine ndikanafunsa tsiku loyamba. Ndipo si kungoletsa wa 21 kokha. Anthu awiri akamalimbirana malo omaliza nthawi imodzi, mmodzi ali pakati polipira, malowo asungidwe mphindi zingati? Wina akabweza, malo atsegukenso okha? Mayankho amenewo ndi amene amanena kukula kwa ntchito.

Namzeze
Ndayang'ana zithunzi za maonekedwe. Mawu oti malo otsala palibe. Koma mu imelo yanga yoyamba, tisanasaine, ndinalemba kuti makalasi anga amakhala a anthu 20.

Mlembi_wakale
Imeloyo ndi umboni wokwanira.

Kadzidzi
Ndi umboni woti anadziwa kukula kwa kalasi, osati woti analonjeza kuti makina azitseka okha. Mukhoza kukangana mwezi wathunthu osagonjetsana. Ine ndikanasinthanitsa ziwirizi. Mumulole 15 ndi 15 monga akufunira, iye achite malire a kalasi popanda kuwonjeza ndalama, mwa njira yosavuta: malipiro 20 akatheka, batani lolembetsa lizimiririka, za kusunga malo kwa mphindi zidikire. Chomwe mukutaya ndi chogwirira cha masiku 30, koma muli nacho china: pa 7 zija pali ntchito yomwe akuifuna. Musavomere mtengo wa chilichonse mwa izo mpaka 12 za mulu wachiwiri zitatha, ndipo zimenezo zilembedwe.

Gologolo77
Ine ndikanavomera zimenezo. Koma 15 yomalizayo ituluke tsiku lomwelo losamuka, osati "kumapeto kwa mwezi".

Chiphaliwali
Ine 5 ija sindikanaisiya. Munthu akalandira zonse foni imayamba kulira yokha. Ngati mwaisiya, musanatumize yomaliza mutsitse bakapu yonse, mafailo ndi detabesi, muisunge kwanu, ndipo musinthe mapasiwedi a seva, iyeyo mumupatse akaunti yakeyake yomwe mungaitseke.

Namzeze
Ndamutumizira pepala lokonzedwa: 15 ndi 15, malire a kalasi alowa m'mayeso, imelo yapita ku tsiku losamuka, za umwini ndi mndandanda wa mapulagini zilimo. Wayankha kuti awerenga usiku uno, koma wafunsa kale ngati munthu amene ndamulembetsa ndekha pamanja, wosadzera pa webusaiti, akuwerengedwa pa 20 paja. Sindinaganizepo n'komwe. A Gologolo, chosavuta kwa iye ndi chiti?

Gologolo77
Muuzeni kuti aliyense amene ali pa mndandanda wa kalasi awerengedwe, kaya walowa bwanji. Ndipo mulembe ngati mayeso achisanu: mulembetse 19 pamanja, mmodzi alipire ndi khadi yoyesera, muone ngati batani lazimiririka.